Kaundula wa ngongole wokhala ndi chikumbutso cha tsiku la malipiro: mafunso ndi mayankho

Mayankho onse ali m'munsimu akutsatira chitsanzo chimodzi. Munthu amalandira malipiro pa 25 mwezi uliwonse ndipo ali ndi ngongole zitatu: ya kubanki ya 600,000, ya katundu wa m'sitolo ya 150,000, ndi ya mnzake ya 80,000. Sitinatchule mtundu wa ndalama chifukwa masamu ake sasintha.

Kodi kaundula wa ngongole ndi chiyani, ndipo ndimulembe pati?

Ndi tebulo lomwe mumalembamo ndalama iliyonse yomwe mwabweza, ndi yomwe yatsala pa ngongole iliyonse mukatero. Mungamulembe m'kope, mu Excel kapena Google Sheets, kapena m'pulogalamu ya pafoni. Kope limagwira ntchito bwino lomwe, kungoti masamu muzichita nokha ndipo chikumbutso muziika pakalendala ya foni. Chomwe tikukuletsani ndi kusunga makaundula awiri. Posakhalitsa amasiyana manambala, ndiye simudziwanso wolondola.

Ndilembemo zinthu ziti?

Pamafunika masamba awiri. Tsamba loyamba ndi la ngongole zanu, ngongole iliyonse mzere wake: dzina la wobwereketsa, ndalama yomwe yatsala lero, chiwongoladzanja, ndalama yochepetsetsa yomwe munagwirizana kuti muzipereka, tsiku lomaliza kulipira, ndi chindapusa cha kuchedwa. Pachitsanzo chathu, banki imawerengera 3 peresenti pamwezi, imafuna 60,000, tsiku lake ndi pa 5. Sitolo imawerengera 5 peresenti pamwezi, imafuna 20,000, tsiku lake ndi pa 28. Mnzake uja safuna chiwongoladzanja ndipo anagwirizana 10,000 pamwezi.

Tsamba lachiwiri ndi la zolipira. Mukapereka ndalama mumawonjezera mzere umodzi wokhala ndi makolamu 6: A tsiku, B dzina la ngongole, C zotsala musanalipire, D chiwongoladzanja cha mweziwo, E zomwe mwapereka, F zotsala mutalipira. Ngati mukufuna, onjezerani kolamu ya nambala ya risiti. Imathandiza tsiku lomwe wobwereketsa adzanene kuti ndalama yanu sanaione.

Manambala oyambira muwatenge pa sitetimenti kapena pa kalata ya mgwirizano, osati m'mutu. Onaninso ngati chiwongoladzanja chalembedwa cha pamwezi kapena cha pachaka. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: 36 peresenti pachaka ndi 3 peresenti pamwezi, ndipo mukaika 36 m'kolamu ya mwezi, kaundula akuuzani kuti ngongole yanu sidzatha.

Bwanji osangochotsera zomwe ndalipira pa zomwe ndinabwereka?

Chifukwa si ndalama yonse yomwe mwapereka imene imachepetsa ngongole. Mwezi woyamba, ngongole ya kubanki ya 600,000 imabala chiwongoladzanja cha 18,000. Mukapereka 60,000, ndalama yokwana 18,000 imathera pa chiwongoladzanjacho, ndipo 42,000 yokha ndi imene imadula ngongole yeniyeni. Zotsala ndi 558,000, osati 540,000.

Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chimawerengedwa pa 558,000, choncho chimatsika n'kukhala 16,740. Pa 60,000 ija, 43,260 imadula ngongole, n'kutsala 514,740. Munthu wongochotsera akanalemba 480,000. Pamiyezi iwiri yokha wasiyana ndi banki ndi 34,740, ndipo akuyembekezera kumaliza pamiyezi 10, pomwe zoona zake n'zakuti adzapereka ka 13. Ulendo womalizawo ndi waung'ono, pafupifupi 4,050, koma ulipo, ndipo tindalama totsalira tamtunduwu ndi tomwe timabala chindapusa munthu akuganiza kuti anamaliza kalekale.

Mu Excel kapena Google Sheets, mzere wa banki umafuna masamu awiri, oyamba mu D2 ndipo achiwiri mu F2:

```
=C2*0.03
=C2+D2-E2
```

Zomwe zatuluka mu F ndi zomwe zimalowa mu C pa mzere wotsatira wa ngongole yomweyo.

Chifukwa chiyani chikumbutso chizilira pa tsiku la malipiro m'malo mwa tsiku lomaliza kulipira ngongole?

Chikumbutso chimathandiza chikakupezani muli ndi ndalama. Pachitsanzo chathu malipiro amalowa pa 25 koma banki imafuna ndalama yake pa 5 mwezi wotsatira. Pakati apo nthawi zambiri pamakhala masiku 10 kapena 11, okwanira kuti lendi, chakudya ndi achibale adye 60,000 ija pang'onopang'ono. Foni ikalira pa 5 m'mawa, imangokukumbutsani za ndalama yomwe palibe.

Pali chifukwa chinanso. Ndalama zotumiza kuchokera kubanki ina kupita ku ina nthawi zina zimagona panjira tsiku limodzi kapena angapo a ntchito, ndipo wobwereketsa amawerenga tsiku lomwe ndalama yafika kwa iye. Mukatumiza pa tsiku lomaliza lenilenilo, mutha kulipitsidwa chindapusa ngakhale risiti yanu ikuonetsa tsiku lolondola.

Ndiike zikumbutso zingati, nthawi yanji?

Zitatu n'zokwanira. Choyamba chilire madzulo a tsiku loti mawa ndi malipiro, kuti mutsegule kaundula n'kuona ndalama zomwe zipite kwa aliyense. Chachiwiri chilire pa tsiku la malipiro lenilenilo, nthawi yomwe mukudziwa kuti ndalama zimakhala zitalowa kale. Ngati zimalowa masana, chikumbutso cha 6 koloko m'mawa mudzachizimitsa n'kuchiiwala. Chachitatu chilire kutatsala masiku atatu kuti tsiku lomaliza likwane, ndipo ntchito yake ndi yofufuza ngati ndalama inafikadi.

Chikumbutso chikhale ndi manambala. Mawu akuti "lipira ngongole" amakusiyani kuti muyambe mwawerengera, ndipo powerengerapo ndi pomwe mtima umayamba kunena kuti mnzanu uja akhoza kudikira. Lembani chonchi: "Lero: banki 60,000, sitolo 40,000, mnzanga 10,000. Zonse 110,000." Ya sitolo ndi 40,000 chifukwa munthu wathu amawonjezera 20,000 pa yochepetsetsa ija. Zikumbutso zikapitirira zitatu, khutu limazolowera ndipo chala chimazizimitsa chokha.

Nanga tsiku la malipiro likagwera Loweruka, Lamlungu kapena pa tchuthi?

Funsani kuntchito kwanu lamulo lomwe amatsata, poti ena amalipira tsiku la ntchito la m'mbuyo pomwe ena amadikira lotsatira. Mwachitsanzo, pa 25 Epulo 2026 ndi Loweruka. Ngati abwana amalipira m'mbuyo, masamu awa amakupatsani Lachisanu pa 24:

```
=WORKDAY(DATE(2026,4,25)+1,-1)
```

Masiku a tchuthi sawadziwa pokhapokha mutawalemba pamndandanda n'kuwauza kuti awadumphe. Njira yosavuta ndi kukhala pansi kamodzi pachaka, kuona masiku 12 a malipiro pakalendala, n'kusuntha ndi manja zikumbutso zomwe zagwera posayenera. Nthawi zambiri zimakhala zitatu kapena zinayi basi.

Olandira kumapeto kwa mwezi asamale ndi chikumbutso chobwereza pa 31. Makalendala ena a pafoni amangodumpha miyezi yomwe ilibe 31, ndiye Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala foni imakhala chete. Sankhani tsiku lomaliza la mwezi ngati kalendala yanu imalola, apo ayi ikani pa 28.

Ine ndimalandira pa milungu iwiri iliyonse, ndipo mnzanga alibe tsiku lokhazikika. Titani?

Wolandira pa milungu iwiri agawe pawiri ndalama ya mwezi, n'kuika chikumbutso chobwereza pa masiku 14, osati kawiri pamwezi. Pachaka amalandira ka 26, kutanthauza kuti miyezi iwiri imakhala ndi malipiro atatu. Malipiro achitatuwo muwalembe pakalendala chaka chikangoyamba n'kuwasankhira ngongole yoti akadule. Ngati wobwereketsa salandira theka, sungani thekalo muakaunti ina mpaka lachiwiri lifike.

Wopanda tsiku lokhazikika asankhe tsiku limodzi pamlungu, likhale ngati la malipiro. Tsikulo aziwerenga zomwe zalowa mlunguwo n'kupatula gawo lokhazikika, tinene limodzi mwa magawo anayi. Kaundula wake akhale ndi mzere wina woonetsa zomwe wasonkhanitsa kale ndi zomwe zikuperewera kuti akwanitse ndalama zochepetsetsa za mweziwo, zomwe pachitsanzo chathu ndi 90,000.

Uthenga wotsatira kulipira uzinena chiyani?

Zinthu zitatu, m'ziganizo ziwiri kapena zitatu: zomwe mwapereka, zomwe zatsala, ndi chinthu chimodzi choonetsa kuti mwasuntha. Mutalipira banki koyamba, uthenga ukhoza kukhala wotere: "Mwapereka 60,000 kubanki. Ngongole yatsika ndi 42,000, yatsala 558,000. Kwatsala maulendo 12." Wa sitolo: "Mwapereka 40,000. Yatsala 117,500. Mukapitiriza chonchi, itha pamiyezi inayi ikubwerayi."

Tebulo lingathe kulemba lokha uthengawu m'kolamu G:

```
=IF(E2="","","Mwapereka "&TEXT(E2,"#,##0")&". Yatsala "&TEXT(F2,"#,##0")&".")
```

Uthenga uoneke pokhapokha mwalemba ndalama mu E, ndipo ndalamayo muilembe mutaona risiti, osati mutangoganiza zotumiza. Mawu oyamikira osawaletsa, koma okha sakwanira. "Mwachita bwino!" akabwera mwezi uliwonse chimodzimodzi, pofika mwezi wachitatu simuwawerenganso. Nambala yomwe ikusintha ndi imene diso limaifuna.

Uthenga usanamenso pofuna kusangalatsa. Mwezi woyamba munthu wathu wapereka 110,000, koma ngongole zake zonse zatsika kuchoka pa 830,000 kufika pa 745,500. Wadula 84,500, pafupifupi 10 peresenti, ndipo 25,500 yapita ku chiwongoladzanja. Uthenga wonena kuti wabweza 13 peresenti ukuwerengera 110,000 yonse, ndipo bodzalo lidzaululika sitetimenti ikabwera.

Pa ngongole yaikulu, peresenti imayenda pang'onopang'ono mpaka ndimafooka. Pali nambala ina yabwino yoonetsa?

Ilipo. Onetsani kutsika kwa chiwongoladzanja: "Mwezi watha chinadya 18,000, mwezi uno 16,740." Nambala imeneyi imatsika mwezi uliwonse mukamalipira mokwanira, ndipo ndi ndalama yeniyeni yomwe yasiya kutuluka m'thumba mwanu. Ina ndi chiwerengero cha maulendo otsala, chomwe funso lotsatira likufotokoza.

Kaundula amadziwa bwanji maulendo omwe atsala?

Pali masamu okonzeka kale otchedwa NPER. Mumawapatsa chiwongoladzanja cha mwezi, ndalama yomwe mumapereka, ndi zotsala:

```
=ROUNDUP(NPER(0.03,-60000,600000),0)
```

Yankho ndi 13. Kamzere kochotsera kamene kali patsogolo pa 60000 n'kofunika, chifukwa kamasonyeza kuti ndalamayo ikutuluka. Mukakaiwala, yankho limabwera lolakwika. M'kaundula weniweni, m'malo mwa 600000 mulozere ku zotsala zaposachedwa kuti nambala izitsika yokha.

Masamuwa akakana n'kulemba #NUM!, musathamangire kunena kuti tebulo lawonongeka. Kawirikawiri zikutanthauza kuti ndalama yomwe mukupereka siposa chiwongoladzanja. Pa ngongole ya sitolo chiwongoladzanja cha mwezi ndi 7,500. Wopereka 7,500 akhoza kulipira zaka ndi zaka ngongole ili pa 150,000 pomwepo, ndipo wopereka 5,000 ngongole yake ikukula.

Ndikakwanitsa zochepetsetsa zonse, ndalama yapamwamba ndiiponye pa ngongole iti?

Munthu wathu wapatula 110,000 pamwezi, zochepetsetsa ndi 90,000, ndiye yapamwamba ndi 20,000. Njira zodziwika ndi ziwiri: kuyamba ndi ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, kapena kuyamba ndi ngongole yaing'ono.

Akaiponya ku sitolo, komwe kuli 5 peresenti, amapereka 40,000 pamwezi. Zotsala zimayenda chonchi: 117,500, kenako 83,375, kenako 47,544, kenako 9,921, ndipo mwezi wachisanu amatseka ndi 10,417. Chiwongoladzanja chonse cha sitolo chimakwana 20,417. Akaiponya kwa mnzake, ngongole ya 80,000 imatha mwezi wachitatu, zomwe zimakoma ndithu, koma ya sitolo imatha mwezi wachisanu ndi chimodzi itadya chiwongoladzanja cha 28,825. Kusiyana kwake pa sitolo pokha ndi pafupifupi 8,400.

Pamasamu, njira yoyamba ndiyo imapulumutsa ndalama. Komabe ngongole ya mnzanu ili ndi mtengo womwe sulowa m'kolamu D, ndipo munthu amene akudziwa kuti amafooka msanga sanalakwe kugula chilimbikitso ndi 8,400. Chachikulu n'chakuti musankhe njira imodzi n'kuilemba m'chikumbutso, kuti pa 25 musamayambirenso kukambirana ndi mtima wanu.

Ngongole imodzi ikatha, ndalama yake isabwerere m'thumba. Sinthani chikumbutso tsiku lomwelo kuti 40,000 ya sitolo iwonjezeke pa 60,000 ya banki. Chiwerengero chonse chikhalebe 110,000.

Ndinapereka ndalama yoposa, koma sitetimenti sikuonetsa kuti ngongole yatsika. Chachitika n'chiyani?

Obwereketsa ena amatenga ndalama yapamwamba ngati kulipiratu gawo la mwezi wamawa. Chizindikiro chake n'chakuti ndalama yomwe akufuna mwezi wotsatira yachepa, kapena tsiku lolipira lasunthidwa, pomwe chiwongoladzanja sichinatsike. Musanapereke yapamwamba, afunseni momwe mungaiperekere kuti idule ngongole yeniyeni, komanso ngati pali chindapusa cha kubweza msanga.

Dziwaninso kuti obwereketsa ambiri akalandira ndalama amayamba achotsa zindapusa, kenako chiwongoladzanja, ndipo zotsalazo ndi zomwe zimadula ngongole. Ngati munachedwapo m'mbuyomu, yapamwamba yanu mwina yathera pa chindapusa chomwe simunachilembe.

Nambala yanga ikusiyana ndi ya banki. Wolakwa ndani?

Onani kukula kwa kusiyanako, chifukwa kumaloza chifukwa chake. Kukakhala kochepa, kawirikawiri banki ikuwerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku. Pa 558,000, chiwongoladzanja cha 36 peresenti pachaka chikagawidwa ndi 365 chimakhala pafupifupi 550 patsiku. Mwezi wa masiku 31 umabala 17,061, pomwe tebulo lanu likunena 16,740. Kusiyana kwa 321 si vuto, ndipo ngongole yotere ili ndi ubwino wake: kulipira pa 25 m'malo mwa pa 5 kumakupulumutsirani masiku 10 kapena 11 a chiwongoladzanja pa 60,000 ija.

Kusiyana kukakhala nambala yozungulira yomwe ikubwera mwezi uliwonse, fufuzani ndalama ya inshulansi kapena yoyendetsera akaunti. Kukamakula mwezi ndi mwezi, n'kutheka kuti ngongole yanu ndi ya chiwongoladzanja chosatsika, chomwe chimawerengedwa pa ndalama yonse yomwe munabwereka poyamba. Pamenepo 18,000 imakhalabe 18,000 mpaka mapeto, ndipo mu D muyenera kulemba nambala yokhazikikayo m'malo mwa masamu aja. NPER sikugwira ntchito pa ngongole yotere, komanso kulipira msanga sikuchepetsa chiwongoladzanja pokhapokha mgwirizano ukunena choncho. Kusiyana kukafanana ndendende ndi ndalama yomwe munapereka, ndiye kuti sinafike kapena inalowa muakaunti ya wina. Tengani nambala ya risiti mukawaone.

Fananitsani kamodzi pamwezi. Chifukwa chake mukachipeza, onjezerani mzere wokonza wokhala ndi tsiku ndi mawu ofotokoza. Musafufute mizere yakale.

Mwezi wina ndalephera kulipira, kapena ndapereka zoperewera. Ndilembe bwanji?

Lembani mzere ngati mwa nthawi zonse, mu E muike 0 kapena zochepa zomwe mwaperekazo. Mukadumpha mzere, chiwongoladzanja cha mweziwo chimasowa m'kaundula pomwe kubanki chilipo. Munthu wathu akalephera mwezi wachiwiri, zotsala zimakwera kuchoka pa 558,000 kufika pa 574,740, chindapusa chisanalowe.

Uthenga wa mwezi wotere usadzudzule, komanso usabise kanthu: "Mwezi uno simunapereke kubanki. Yatsala 574,740. Ulendo wotsatira ndi pa 25." Ndalama zikaperewera, njira ya yapamwamba ija iyambe yaima, zochepetsetsa zikhale patsogolo, kuyambira ngongole yomwe ili ndi chikole kapena chindapusa chachikulu. Wobwereketsa mumudziwitse tsiku lisanakwane. Chikumbutso cha madzulo aja chimathandiza apa, poti chimakuonetsani kuperewerako nthawi yoimba foni ikadalipo.

Ngongole yanga amadula yokha pa malipiro kapena muakaunti. Chikumbutso n'chofunikabe?

N'chofunika, kungoti ntchito yake yasintha. Ngati amadula kuntchito, chikumbutso chikuuzeni kuona pepala la malipiro n'kulemba zomwe adula, kenako kufananitsa ndi sitetimenti, chifukwa ndalama yodulidwa kuntchito nthawi zina imachedwa kufika kwa wobwereketsa. Ngati banki imatenga muakaunti pa 5, chikumbutso cha pa 25 chinene ndalama yomwe simuyenera kuikhudza. Akaunti ikapezeka yoperewera, kudulako kumalephera ndipo nthawi zambiri pamabwera chindapusa. Muonenso mwezi womaliza kuti asiyadi kudula.

Ndatenga ngongole ina ndisanamalize zakale. Peresenti ya zomwe ndabweza ndiiwerenge bwanji?

Ngongole yatsopano ikhale ndi mzere wake patsamba loyamba, ndipo muiwonjezere pa chiwerengero choyambira. Munthu wathu akabwereka 100,000 utatha mwezi woyamba, choyambira chimakhala 930,000, zotsala 845,500. Wadulabe 84,500, koma tsopano ndi 9 peresenti m'malo mwa 10. Uthenga wotsatira unene poyera kuti zotsala zakwera. Kenako onani ngati 110,000 ikukwanirabe zochepetsetsa zinayi. Ngati ayi, chikumbutso chanu chikunena nambala yakale.

Kodi n'zotetezeka kusunga zonsezi pafoni?

Kaundula safuna nambala yachinsinsi ya akaunti kapena ya khadi lanu, ndipo musailembemo. Manambala anayi omaliza a akaunti ndi okwanira kusiyanitsa ngongole. Zikumbutso zimaoneka pagalasi la foni ngakhale ili yokhoma, choncho sinthani kuti mawu ake azibisika mpaka mutatsegula, kapena mupatse ngongole iliyonse dzina lomwe mukulidziwa nokha. Pulogalamu yowerengera ngongole ikapempha kuona mndandanda wa manambala a anzanu, zithunzi kapena mauthenga anu, ikaneni, poti masamu ake safuna zimenezo. Wolemba m'kope azijambula tsamba la mweziwo akamaliza kufananitsa ndi sitetimenti, ndipo wa tebulo azisunga lina pamalo ena osati pafoni yomweyo.